Mwangomaliza fomu 4 ndipo CV ilibe kanthu? Umu ndi momwe mungalemberemo ntchito zongodzipereka

Mwana wa achemwali anga adabwera kwathu ndi kapepala kamodzi kopinda panayi, akuti amalume tandionerani CV yangayi ndikufuna ndikasiye ku holoselo ina kutauni akufuna kalaliki wa sitoko. Nditatsegula ndidapeza dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, mpingo, magiredi a MSCE, kenako pamutu wa ntchito zomwe adagwirapo adangolemba kuti palibe, ndiye pansi penipeni zokonda: kuwerenga mabuku, kuimba kwaya ndi kucheza ndi anthu. Basi yathera pomwepo. Chonsecho mtsikana ameneyu ndimamudziwa ine, chaka chathunthu ndi miyezi ndiye ankagwira buku la banki mkhonde ya amayi ake, ndipo tsiku la sikelo amakhala ali pansi pa mtengo kuthandiza alangizi a zaumoyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Nditamufunsa kuti nanga zimenezi wazisiyiranji adaseka, amvekere amalume zimene zijanso ndi ntchito ngati? Sankandilipiratu.

Vuto la ana ambiri omaliza sukulu lagona pamenepo, akuganiza kuti ntchito ndi yokhayo ya malipiro pakutha pa mwezi. Ine ndakhalapo kangapo pa tebulo losankha makalata ofunsira ntchito pamalo ena ang'onoang'ono pomwe ndinkagwira, ndipo ndikuuzeni kuti wosankhayo akafika pa mwana wa fomu 4 sayembekezera kuona zaka zisanu za muofesi ayi, akudziwa kale kuti mulibe. Chomwe akusakasaka ndi chizindikiro choti munthu wina wamkulu adakudaliranipo ndi chinthu, kaya ndalama, kaya makiyi, kaya ana a eni, kwa nthawi yotalikirapo, ndipo chinthucho sichidasokonekere. Ndiye ndikufotokozerani momwe tidaikonzera CV ya mtsikanayu kuyambira poyamba mpaka pomwe tidakapulinta.

Choyamba, musayambe ndi kompyuta, yambani ndi kope

Tidakhala pakhonde ndi kope lakale ndi cholembera, ine nkumufunsa mafunso iye nkumayankha m'Chichewa momwemu. Chizungu chimabwera kumapeto, mukayamba nacho mumangokopera mawu a pa CV za anzanu aja oti ndine wolimbikira ntchito ndipo ndimagwira bwino ndi anthu, zomwe aliyense amalemba ndipo palibe amaziwerenga.

Funso lake si loti udagwirapo ntchito yanji, chifukwa yankho lidzakhala palibe basi. Funsani chonchi: kuchokera fomu 1 mpaka lero, ndi liti pomwe anthu ankadikira iweyo kuti chinthu chiyambe? Ndani adakupatsapo makiyi? Udasungapo ndalama zomwe si zako? Udalembapo maina a anthu m'kaundula? Udaimapo kutsogolo kwa gulu nkumaphunzitsa kapena kulengeza? Yendani malo onse m'maganizo, kusukulu (upulifekiti, kalabu ya Edzi Toto, ya zachilengedwe, SCOM kapena YCS, timu ya mpira), kutchalitchi kapena kumzikiti, kumudzi (komiti ya pamjigo, kalabu ya achinyamata, sukulu ya mmera mpoyamba, kuumba njerwa za chitukuko), ndi nthawi ya mavuto. Ambiri a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe adathandiza m'misasa ya anthu othawa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ena kulemba maina a mabanja, ena kugawa ufa ndi zofunda, ena ndi a Red Cross adayenda khomo ndi khomo nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023 kugawa kolorini. Zonsezo zilowe m'kope kaye, kusankha tisankha kenako.

Kwa mtsikanayu zidatuluka zisanu ndi chimodzi: pulifekiti wa laibulale fomu 3 ndi 4, mlembi wa banki mkhonde, kuthandiza kusikelo, msungichuma wa kwaya ya achinyamata, kuphunzitsa Sande sukulu apo ndi apo, ndi tsiku lina lomwe adakabzala nawo mitengo m'mbali mwa mtsinje. Munthu yemwe mphindi 20 zapitazo amati palibe.

Chachiwiri, chilichonse chifinyeni mpaka chitulutse manambala

Apa ndiye pagona nkhani yonse ndipo tidakhalitsapo. Dzina la udindo palokha silinena kanthu. Mukalemba kuti mlembi wa gulu, wowerenga sadziwa ngati munkalembadi kapena adangokusankhani tsiku limodzi gulu nkutha sabata yotsatira, paja makomiti ambiri kwathu kuno amathera pachisankho pomwepo. Ndiye pa chinthu chilichonse muyankhe mafunso anayi: mudayamba liti nkusiya liti, kangati pa sabata kapena pa mwezi, manja anu ankachita chiyani kwenikweni, ndipo zinali zochuluka bwanji.

Tengani ya banki mkhonde ija. Poyamba adangoti ndinkawalembera amayi. Ndidati ayi, tandiuza za Lachinayi limodzi kuyambira pomwe wafika. Ndiye adayamba: amafika 2 koloko, amayala mphasa, amayi atatu osunga makiyi amatsegula bokosi pamaso pa onse, iye amaitana maina, aliyense akagula masheya iye amadinda m'kabuku ka mwini wakeyo nkulembanso m'buku lalikulu, kenako obweza ngongole, kenako otenga ngongole zatsopano amawawerengera chiwongoladzanja, za thumba la zadzidzidzi amazilemba padera, pomaliza owerenga ndalama awiri amawerenga zomwe zili pambale ndipo ziyenera kufanana ndi zomwe iye waphatikiza m'buku, zikasiyana palibe amanyamuka mpaka zipezeke. Nditamva izi ndidangoti iwe, ntchito ya kalaliki wa sitoko ndi yomweyitu, kungoti kumeneko ukuwerenga makatoni a sopo m'malo mwa masheya. Zomwe zili m'buku zifanane ndi zomwe zili pashelefu.

Manambala tidakawatenga m'buku lenilenilo osati m'mutu. Adapita kwa tcheya wa gululo kukapempha kuti aone, nkupeza kuti mamembala adali 22, amakumana sabata iliyonse, iye adalemba kuyambira Okutobala 2023 mpaka Disembala 2024, ndipo pogawana kumapeto a chaka ndalama zonse pamodzi ndi phindu zidakwana pafupifupi K1,800,000. Kandalama kameneka musakalembe musanapemphe eni gulu, ena safuna kuti za m'bokosi mwawo zidziwike kunja, akakana mungolemba chiwerengero cha anthu ndi miyezi, nzokwanira.

Kusikelo nakonso chimodzimodzi. Kamodzi pa mwezi, miyezi 14, ana pafupifupi 60 pa tsiku, iye ankaika amayi pamzere, kupachika ana pasikelo, kuwerenga kulemera kwake nkuuza alangizi omwe ankalemba m'mabuku a kuchipatala. Onani kuti ndikuti pafupifupi. Ngati simukudziwa nambala yeniyeni tengani yotsikirapo, ana akamabwera pakati pa 60 ndi 80 lembani 60, chifukwa tsiku lomwe bwana adzaimbire alangizi aja nkumva kuti ayi amabwera ambiri kuposa pamenepo zidzakukomerani, koma akadzamva kuti 200 yomwe mwalembayo sidachitikepo ndiye kuti CV yonse yaola, ngakhale zoona zomwe zilimo.

Chachitatu, tayani zina

Zinthu 6 zija sitidalembe zonse. Kubzala mitengo kwa tsiku limodzi tidachotsa, Sande sukulu ya apo ndi apo tidachotsanso poti ngakhale mwini wake samatha kunena kuti adayamba liti. Lamulo langa ndi loti chinthu chikhale choti chidatenga miyezi itatu kapena kuposa, kapena ngati chidali chachifupi chikhale cholemera ngati zija za kumsasa wa anthu osefukiridwa madzi, komanso pakhale munthu wamoyo wokhala ndi foni yemwe angavomere kuti inde ameneyu ndinkamuona. Zitatu zolimba zimaposa zisanu ndi zitatu zopepuka, mndandanda ukatalika wowerenga amayamba kukayika kuti kodi mwana ameneyu ankaphunzira nthawi yanji.

Zotsalazo muzisanje molingana ndi ntchito yomwe mukufunsira. Werengani chilengezo cha ntchitoyo kawiri nkudula mzere pansi pa zomwe akufuna. Cha holoselo chija chimati munthu wa MSCE, wodziwa masamu, wokhulupirika, wotha kusunga marekodi. Ndiye banki mkhonde idapita pamwamba, laibulale yachiwiri poti nakonso nkulemba zotuluka ndi zobwerera, sikelo yachitatu. Patapita miyezi iwiri atafuna kufunsira ntchito yothandiza pa kafukufuku wa zaumoyo ku bungwe lina tidangotembenuza, sikelo pamwamba banki mkhonde pansi. Mudzamva ena akuti nthawi zonse muziyamba ndi chaposachedwa, nzoona kwa munthu yemwe wagwira ntchito zaka zambiri, koma inu muli ndi zinthu zitatu zokha zomwenso zidachitika pafupifupi nthawi imodzi, palibe angakudzudzuleni poyamba ndi chogwirizana ndi ntchitoyo bola madeti alembedwe poyera.

Nanga za kwaya? Apa tidakanganapo pang'ono. Iye amafuna zilowe poti amazinyadira, ine ndimaona kuti zikungobwereza zomwe banki mkhonde yanena kale, kusunga ndalama, koma mochepa. Tidazisiya ngati mzere umodzi pansi. Za mpingo sizoletsedwa pa CV, ku Malawi kuno utsogoleri wambiri wa achinyamata umaphunziridwa kumeneko, kaya ku CCAP, kaya kumphakati wa Akatolika, kaya kumadrasa, koma lembani ntchito yomwe munkagwira osati chikhulupiriro chanu. Kusonkhetsa zopereka za mamembala 35 ndi kupereka lipoti la ndalama miyezi itatu iliyonse, imeneyo ndi ntchito. Kukonda Mulungu ndi mtima wonse nzabwino koma si za pa CV. Za chipani ndiye ndimalangiza kuti zisalowe nkomwe, olo mudali tcheya wa achinyamata kudera kwanu ndipo mudagwira ntchito yooneka, simudziwa kuti wotsegula envelopuyo amavala mtundu wanji Loweruka.

Chachinayi, kulemba kwenikweni

Tsopano ndiye Chizungu, poti CV kuno timalemba m'Chizungu. Mutu wa gawoli musaulembe kuti Work Experience ngati simunkalipidwa, wowerenga akaona mutu umenewo kenako nkupeza kwaya amamva ngati mukumupusitsa. Lembani Volunteer Experience kapena Community Work and Leadership, ndipo gawoli libwere pansi pa maphunziro pompo, lisakakhale kumapeto limodzi ndi zokonda. Chilichonse chikhale ndi mzere wapamwamba wonena udindo, gulu, malo ndi miyezi, kenako timizere tiwiri kapena titatu toyamba ndi mneni wa zomwe mudachita. Cha banki mkhonde chija chidatuluka chonchi, maina a gulu ndi mudzi ndawachotsa:

```
Secretary (volunteer), village savings and loans group
October 2023 - December 2024, weekly
- Recorded shares, loans and repayments for 22 members
- Balanced the ledger against cash counted at every meeting
```

Basi, timizere tinayi. Mulibemo mawu oti ndine wokhulupirika, koma aliyense wowerenga akuona yekha kuti amayi 22 sangasiyire buku lawo la ndalama munthu wosakhulupirika kwa miyezi 15. Yerekezani ndi momwe akadalembera yekha, kuti ndinkathandiza gulu la amayi a m'mudzi mwathu pa chitukuko, zomwe zingatanthauze chilichonse kuyambira kuwatungira madzi mpaka kungokhala nawo pamphasa.

Mawu oti kuthandiza ndi omwe amapha ma CV ambiri. Paliponse pomwe mwalemba helped kapena assisted dzifunseni kuti pothandizapo ndinkagwira chiyani, ndiye lembani chimenecho: recorded, counted, weighed, taught, collected, organised. Komanso mbali inayi musalumphe mpanda. Mtsikanayu atazolowera adayamba kukometsera, pa za sikelo adalemba kuti ankapereka katemera kwa ana. Ndidati iwe udabayapo mwana jakisoni? Ayi, ndinkangogwirizira mwendo. Ndiye chotsa msanga, katemera ndi ntchito ya alangizi ophunzitsidwa, ukalemba zimenezi ku bungwe la zaumoyo sadzaona ngati ndiwe wodziwa zambiri, adzaona ngati wabodza kapena munthu woopsa wochita zomwe sadaphunzire, ndipo ukuwaikanso alangizi ako aja m'mavuto. Maudindo odzipatsa nokha nawonso ayi, ngati anthu ankakutchulani kuti mlembi lembani mlembi, osati kodineta kapena manejala wa zachuma.

Ndipo mawu aja oti volunteer asasowe. Ngati nthawi zina ankakupatsani kangachepe ka thiransipoti kapena ka sopo, kapena alawansi ya tsiku la maphunziro, ikadali ntchito yongodzipereka, si malipiro amenewo. Ganyu yolipidwa monga kugulitsa mushopu ya amalume anu pa holide kapena kukhala ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa kauntala ya munthu wina, imeneyo ndiye ikhoza kukhala pa mutu wake wa ntchito, musaisakanize ndi izi.

Madeti alembeni mwezi ndi chaka. Kungolemba 2023 mpaka 2024 kungatanthauze miyezi iwiri kapena zaka ziwiri, ndipo osankha amadziwa kuti obisa miyezi nthawi zambiri akubisa kufupika. Onetsetsaninso kuti madetiwo sakulimbana ndi sukulu yanu, ndidaonapo CV ya mnyamata yemwe adali kusukulu yogonera komweko chigawo china koma nthawi yomweyo akuti amatsogolera kalabu ya achinyamata kumudzi kwawo sabata iliyonse, mwina ankachitadi pa holide koma poti sadanene choncho pepala lake lidapita mulu wa kumanzere.

Chachisanu, umboni, ndipo apa musachite ulesi

CV ya munthu wopanda ntchito yakale imaima pa anthu okuchitirani umboni. Pa zinthu zitatu zomwe mwalemba, ziwiri zikhale ndi munthu wake pa mndandanda wa marefari pansi paja. Mtsikanayu adaika ahedi a kusekondale komwe adaphunzira, alangizi a zaumoyo aja, ndi tcheya wa banki mkhonde. Amayi ake adali membala wa gululo koma sitidawaike, wachibale sawerengedwa, ngakhale ine amalume ake adandipempha ndidakana.

Pitani nokha kwa munthuyo musanalembe dzina lake, osangotumiza meseji. Iye adapita kwa alangizi madzulo ataweruka, nkunena kuti bambo, ndikufunsira ntchito kutauni, ndimati ndipemphe ngati mungalole kuti ndilembe dzina lanu ndi nambala yanu kuti akafuna kudziwa za ine akufunseni. Adavomera, ndipo adamupatsa nambala ina yosiyana ndi yomwe iye adali nayo, akuti inayo imakhala ndi akazi awo kumunda. Mukuona? Akadangolemba yomwe ankaidziwa bwana akadaimba nkuyankhidwa ndi munthu yemwe sakumudziwa nkomwe. Muwasiyire kope la CV yanu kuti zomwe adzanene zifanane ndi zomwe mwalemba, muwauzenso dzina lomwe lili pa satifiketi, paja kumudzi ambirife timadziwika ndi maina ena, bwana akatchula dzina la pa chiphaso tcheya wa gulu akhoza kuyankha ndi mtima wonse kuti ameneyo kuno kulibe. Zimachitikatu izi. Ndipo ngati refari wanu samasuka m'Chizungu palibe vuto, woimbayo ndi Mmalawi mnzathu adzalankhula nawo Chichewa, chachikulu foni ikhale yoyaka.

Kalata ndi yabwino kuposa foni yokha. Pemphani kakalata kafupi konena dzina lanu lonse, zomwe munkachita, kuyambira liti mpaka liti, kosainidwa, kokhala ndi nambala ya foni ndi chidindo ngati chilipo. Kusukulu ahedi amalemba testimoniyo, koma muwakumbutse za upulifekiti wanu chifukwa ana ndi ambiri ndipo akhoza kungokupatsani ya mawu omwe amalembera aliyense. Gulu ngati banki mkhonde nthawi zambiri lilibe chidindo, ndiye tcheya adalemba pamanja papepala la m'kope, adasaina iye ndi msungichuma, kenako tidapita nayo kwa amfumu kuti adindepo kutsimikiza kuti gululi lilikodi m'mudzi mwawo. Kalata yapamanja yokhala ndi chidindo cha amfumu musaichitire manyazi, ine ndimaikhulupirira kuposa satifiketi yokongola ya wekishopu ya masiku awiri. Ngati kalabu yanu ya achinyamata idalembetsedwa ku ofesi ya achinyamata ya paboma, kalata yochokera kumeneko imalemeranso. Choyambirira sungani kunyumba mufayilo, kokasiya kumapita fotokope.

Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama akupangireni satifiketi ya uvolontiya wa bungwe lomwe simudagwireko, thawani. Mabungwe amadziwana, foni imodzi yokha nkhani yatha, ndipo dzina lanu lidzakumbukika pa zolakwika.

Chachisanu ndi chimodzi, yesererani kufunsidwa

Chilichonse chomwe mwalemba ndi funso lomwe mwadziitanira pa intavyu. Ofunsa ali ndi njira yosavuta yodziwira ngati munthu adagwiradi ntchito yomwe walemba, safunsa kuti munkachita chiyani poti zimenezo mukhoza kuloweza, amafunsa za tsiku lomwe zinthu zidavuta. Yemwe adagwiradi amakhala ndi nkhani, wabodza amayankha kuti zonse zinkayenda bwino.

Ndiye ndidakhala ngati bwana nkumufunsa kuti chemwali, tsiku lina ndalama za m'mbale zitasiyana ndi za m'buku mudatani? Adayamba kuseka kaye poti amalume ake akumutchula chemwali, kenako adakumbuka Lachinayi lina pomwe padasowa K3,000, amayi adayamba kuyang'anana, wina adayamba kale kutchula dzina la mnzake, iye adapempha kuti abwereze timabuku tonse 22 kamodzikamodzi kufananiza ndi buku lalikulu, mpaka adapeza kuti mayi wina adamudindira masheya 5 m'kabuku pomwe adapereka ndalama za masheya 2, poti adayamba wanena 5 kenako nkusintha maganizo, sheya imodzi inali K1,000. Kulakwitsa kudali kwake iye mlembi, adavomera pamaso pa onse, ndipo kuchokera tsiku limenelo sankadinda mpaka owerenga ndalama atanena mokweza kuti talandira zakuti. Ndidamuuza kuti nkhani imeneyi ukaifotokoze momwemu, usachotse poti wolakwa udali iwe, chifukwa bwana wa sitoko akudziwa kuti katundu adzasowa ndithu tsiku lina, chomwe akufuna kudziwa nchoti iwe udzabisa kapena udzafufuza. Konzani nkhani imodzi yotere pa chilichonse mwa zitatu zija, muiyesere m'Chizungu mokweza kangapo, osaloweza mawu ndi mawu, kungoti lilime lizolowere.

M'kalata yofunsira ntchito musabwerezenso zonse za pa CV, tengani chimodzi chokha chogwirizana kwambiri ndi ntchitoyo nkuchitchula m'ziganizo ziwiri.

Ngati m'kope muja simudatuluke kanthu

Zimatheka, ena adangokhalira mabuku zaka zinayi. Musapeke. Pakati pa kulemba mayeso a MANEB ndi kutuluka kwa zotsatira pamakhala miyezi ingapo yomwe ambiri amangoithera pabawo ndi pafoni, pitani kusukulu ya mmera mpoyamba ya m'dera lanu, kapena kwa alangizi a zaumoyo, kapena kupulaimale komwe mudaphunzira mukapemphe kuthandiza ana a sitandade 8 masamu madzulo, malo amenewa manja amakhala operewera nthawi zonse. Muuzeni woyang'anira tsiku loyamba lomwelo kuti pakatha miyezi itatu mudzapempha kalata, ndipo gulani kakope muzilembamo deti, zomwe mwachita ndi anthu angati, iye azisainamo kumapeto a mwezi. Mukatero manambala aja simudzawasaka movutika ngati momwe tidachitira ife. Kungoti sankhani malo oyenda pansi, uvolontiya wokwera minibasi tsiku ndi tsiku ndi ndalama za makolo sumatha mwezi.

Pomaliza, pepala lenilenilo

Tsamba limodzi ndi lokwanira kwa womaliza fomu 4, mukalephera awiri. Ife kuti gawo latsopanoli likwane tidachotsa mudzi, mfumu yaikulu, mpingo ndi zokonda zija, tidasiya dzina, nambala ya foni, imelo ndi komwe akukhala. Ngati olemba ntchito afuna za mudzi ndi mfumu, monga zimakhalira pa mafomu ena a boma, adzafunsa okha. Mukakataipitsa pa kafe musachoke musanawerenge pasikirini mzere ndi mzere, otaipa ena amangotsegula CV ya kasitomala wam'mbuyo nkusintha dzina, ya mtsikanayu itatuluka koyamba inali ndi mzere wonena kuti ali ndi laisensi yoyendetsera galimoto, munthu woti ngakhale njinga amakwera mwamantha. Muwauze akutumizireni fayilo ya Word pa WhatsApp kapena pa imelo kuti muzitha kusintha dongosolo lija ntchito ikasintha, koma yotumiza kwa olemba ntchito ikhale PDF yokhala ndi dzina lanu, osati chithunzi chojambula ndi foni. Ife tidapulinta makope atatu, limodzi la kuholoselo pamodzi ndi fotokope ya zotsatira za MSCE ndi makalata awiri aja, limodzi la alangizi, lina la tcheya wa banki mkhonde, yemwe adaliika m'bokosi la maloko atatu lija akuti kuti mbuzi zingadye.